Masiku makumi asanu ndi limodzi amene ndinapempha

Ndinali kalaliki ku ofesi ya boma ku Furancungo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkalembera anthu ena makalata opempha. Yanga inandilemera. Chotupa cha m'mphechepeche chinali chitakula moti pokhala pa makina olembera ndinkachita kupendekeka. A nefumero, namwino wa pachipatala chathu, anati ndi herniya, anandipatsa pepala lopita nalo ku Tete kukachitidwa opaleshoni.

Ndinalemba pa pepala la sitampa, m'Chipwitikizi, kupempha masiku makumi asanu ndi limodzi: a ulendo, a kuchipatala ndi ochira. Ndinaphatikapo pepala la a nefumero n'kupereka kwa a shefi athu a mu ofesi, amene ankapititsa makalata kwa a adiminisitiradoro, mkulu wa boma lathu.

Kalatayo inagona m'dirowa milungu itatu. Nditafunsa, a shefi anavula magalasi.

"Chaka chino awiri apempha tchuthi. Onse ali ku Malawi. Inu ndikudziwani bwanji?"

"Ndivule buluku muone, a shefi?"

Sanaseke. Nawonso anali otopa, nkhondo inali itayandikira ndipo m'ofesi tinatsala anayi.

M'mawa mwake mkazi wanga anapita yekha kwa a shefi, ine osadziwa. Anawauza kuti, "Ine nditsala kuno ndi ana. Munthu wothawa sasiya banja." Madzulo ake kalata inatuluka itavomerezedwa, koma masiku makumi atatu okha. Opitirira pamenepo, anati, akaweruze ndi bungwe la madokotala ku Tete.

Choncho ndinanyamuka wopanda wondidwazika. Tinayenda pa mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ine pamwamba pa matumba a chimanga, dzanja lili pa chotupa. Ku Tete tsiku langa linasunthidwa kanayi, chifukwa ovulala ankabwera tsiku lililonse ndipo iwo sakanadikira. Sindinadandaule, ndinkawaona. Masiku anga anatha mpeni usanandikhudze. Ndinalembanso kalata ina nditaika pepala pa bondo, bungwe la madokotala linandiwonjezera masiku, ndipo anandichita opaleshoni mwezi wachiwiri. Madzi ankanditungira ndi mayi wina wa ku Tsangano amene ankadwazika mwamuna wake pa bedi loyandikana.

Ndikuyamba kuyenda ndi ndodo, ndinakumana ndi a shefi pakhonde la chipatala, mkono uli m'bandeji. Anandiuza kuti kwathu kunalowa nkhondo, anthu anabalalika, ndipo ofesi yathu tsopano inali kachipinda kobwereka mu Tete momwemo.

"Nanga akwathu?" ndinafunsa.

"Ndinawaona akulowera cha kumalire, ana ali nawo. Zambiri sindidziwa." Anayang'ana pansi. "Ndikanapanda kukukayikirani, akanakhala kuno ndi inu."

Lolemba ndinapita kukayamba ntchito m'kachipinda kaja, bala likunyerenyetsa. Uthenga woti mkazi wanga ndi ana ali moyo ku msasa wa ku Dedza unandipeza patatha miyezi isanu, ndipo mwana wathu wamng'ono ndinadzamuonanso akuyankhula kale.