Tsitsi la Nabanda

Salama anakulira mu saluni ya amayi ake ku Kawale, koma tsitsi limene amakonza masiku ano ndi la anthu a m'magemu a pakompyuta. Iye ndi mnzake Lajabu ankapanga gemu yawo m'kachipinda kena ku Biwi.

Tsitsi la Nabanda, mtsikana wa m'gemuyo, Salama analipanga ndi tizingwe zikwizikwi, kalikonse pakokha. Linali lokongola, koma atayesa gemuyo pa laputopu yoti akaonetsere ofuna kuigula mawa lake, Nabanda ankayenda modukizadukiza, fani yoziziritsa laputopuyo ikulira.

"Chithunzi chikangosintha, makinawa akuyenera kuwerengera ndi kujambulanso kachingwe kalikonse," anatero Lajabu. "Sangakwanitse. Timumete mpala basi."

"Zimenezo ayi," anayankha Salama.

Anachotsa tizingwe tija n'kuyamba kuyala makadi, omwe ndi timizere topyapyala tojambulidwa tsitsi, kamodzi koimira tizingwe tambirimbiri. Anawasanja mosanjikiza kuyambira kunkhongo mpaka pamphumi.

Atayesanso, Nabanda anathamanga bwinobwino. Ukamuyandikira, tsitsilo linkaoneka lophwatalala pang'ono, ndipo zimenezi zinamuwawa Salama. Komabe anatseka laputopuyo n'kuuza Lajabu kuti m'mawa asachedwe.