Bafuta wa Mdzukulu Wanga

Ndinali kusinja mtedza kuseri kwa nyumba, ku komboni ya ku Ndola, pamene mkamwini wanga anatsika sitima ya ku Kitwe. Sanandiyang'ane kumaso, ulemu wake. Anagwada kumbali kwa khoma nati, "Amayi, mlendo wafika. Wamkazi." Munsi ndinautaya! Ndinaluluta mpaka mayi wa Chibemba woyandikana nane anatuluka ndi chidebe cha madzi, ati mwina kwapsa nyumba. Wabwera, wabwera, wolira mokweza wabwera! Koma pakati pa nthungululu mtima unati go, pakuti mwana wanga wamkazi, mayi wa khandalo, anali ataika kale ana awiri m'dothi la ku migodi, onse asanamere dzino.

Khandalo litakwanitsa miyezi inayi, kunabwera kalata ya mlongo wanga, mwini mbumba, ku mapiri a Dedza. Anati mwanayo abwere, abatizidwe kwathu, akulire kwathu, asathere komwe anathera anzake. Mkamwini anavomera, koma ku mgodi sanamupatse tchuthi. Ulendo unatsala wa ife atatu: ine, mwana wanga, ndi kamdzukulu kumsana. Thuu wiki panjira, mwezi wa Ogasiti.

Njira imeneyo ndinali nditaiyendapo kawiri, ndipo ndimaiopa. Sitima mpaka ku Lusaka. Kudikira lole. Kutsikira m'chigwa cha Luangwa kumene dzuwa limaphika munthu ali moyo. Kukwera ku Fotijemusoni, tauni ya kumalire, kudikiranso, kenaka kumapiri kwathu kumene mphepo imaluma mafupa. Njira ndi imodzi, nyengo ziwiri.

Mwana wanga anabwera ku Ndola ndi bokosi lachitsulo, latsopano, lamaluwa pachivundikiro. Iye anakulira m'tauni, amaganiza kuti katundu yense amalowa m'bokosi. Ndinamukhazika pamphasa.

"Mwanawe, tamvera. Bokosi likakwera pa lole amalimanga ndi zingwe, pamwamba matumba, pamwamba lona. Sulionanso mpaka kotsikira. M'bokosi muike zimene akudikira a kumudzi: sopo, shuga, malaya a amalume ako. Zimene akudikira mwanayu zikhale mumtolo, pamiyendo pathu."

Ndinayala nsalu ndi kuyamba kuika, ndikuyimba kuti ndisaiwale. Pansi bulangete, pansi juzi, pansi kachipewa kaubweya, za kumapiri zigone pansi. Pakati kampoto, mchere, machesi m'kachitini, ufa m'thumba loyera lomwe kale munali fulawa. Chimanga chokazinga, mtedza, chinangwa chouma. Nyama yaiwisi ayi, imanunkha tsiku lomwelo m'chigwa. Mabotolo awiri a madzi okulunga m'chiguduli, choti tizinyowetsa kuti madzi azizizira. Kwinini wa kuchipatala cha mgodi pamfundo ya nsalu, zitupa m'chiuno.

"Bulangete m'dzuwa lonseli, Amayi? Mudzatuluka thukuta ngati wa pansi pa mgodi."

"Seka lero. Pa Dedza udzandipempha."

Ndiye ndinatulutsa chomaliza, chokhala pamwamba pa zonse: mikono itatu ya bafuta woyera. Kuseka kunatha. Mwana wanga anakumbatira khanda nabwerera m'mbuyo.

"Amayi, chimenecho n'chiyani?"

"Chofunditsa mwana m'chigwa. Kuli kashembe kumeneko, ntchentche zija zopatsa matenda a kaodzera. Zimatsata nsalu yakuda, biriwita ngati mbereko yakoyi. Yoyera sizikonda."

"Awiri aja tinawakulunga m'chiyani? Si bafuta? Mwagula nsalu ya maliro mwana ali moyo!"

Mayi wa Chibemba uja anali pakhomo, naye anapukusa mutu. "Awe mukwai, imfa saiyalira mphasa." Mkamwini kuseri kwa khoma anangotsokomola. Ine ndinapinda bafuta, ndinamuika pamwamba, ndinamanga mtolo. Tsiku lomwelo ndinapita kukatsazika amayi a kumpingo, mtolo ndinausiya m'nyumba.

Ku Lusaka tinadikira masiku atatu. Lole itabwera, bokosi linalowa pansi pa matumba a mchere, lona pamwamba, zingwe thi. Ife tinakhala kumbuyo ndi anthu ena obwerera kwawo.

Tsiku lachiwiri pa lole msewu unayamba kutsika. Kutsika, kutsika, mitengo yopanda masamba, mphepo yotentha ngati yochokera m'ng'anjo. Anthu anasiya kucheza. Cha m'ma leveni koloko bambo wina anadzimenya pakhosi, pha! Anayang'ana m'dzanja, anatiyang'ana ife. Ndinaona ntchentche ina itatera pa mbereko ya biriwita, mapiko atapingasa ngati sizasi, pafupi ndi khutu la mwana.

Ndinamasula mtolo. Bafuta palibe.

"Iwe, ali kuti?"

Mwana wanga anayang'ana pansi. "Ndinamuika m'bokosi, Amayi. Pansi penipeni."

Ndinamenya denga la dalaivala. Anatulutsa mutu nati, "Mama, ndimasule zingwe pano? Tikaima pano zitidya tonse. Bokosi mudzaliona ku Fotijemusoni."

Sindinakalipe, nthawi yake panalibe. Ndinakoka thumba la ufa lija. Ufa ndinaukhuthulira mumpoto, wotsala m'mpango wanga, wina unapita ndi mphepo. Ndinang'amba msoko ndi mano, ndinakung'untha, ndinakung'unthanso. Tinamuchotsa mwana m'biriwita. Ndinamugoneka pamiyendo panga, thumba pamwamba, dzanja langa mkati likulitukula kuti lisamukhudze khungu, kuti apume, poti kashembe amaboola nsalu yomata pathupi. Mayi wake ankamukupiza ndi chivundikiro cha mpoto. Mwana atafuna bere, mayiyo analowetsa mutu wake momwemo, onse awiri pansi pa thumba.

Masiku awiri m'chigwa, pakuti lole inatentha n'kufa pafupi ndi mlatho, koma zingwe dalaivala anakanabe kumasula. Dzanja langa linachita dzanzi, sindinalitsitse. Titayamba kukwera mtunda wa ku Nyimba tinamuvundukula mwana. Anatuluka mbuu ngati nthochi yogwera muufa, anthu mpaka anaseka. Mayi wake sanaseke. Anandionetsa kaphazi. Pachidendene panali kadontho kofiira.

Udzudzu kapena kashembe? Palibe amene akanatiuza. Ndimadziwa chimodzi: ngati ndi kashembe wa matenda, pamatupa chithupsa chouma, kenaka thupi limatentha, pasanathe masabata awiri kapena atatu. Tinayamba kuwerenga masiku. Ku Fotijemusoni tinadikira lole ina masiku anayi, m'mawa uliwonse kaphazi m'manja, chikhatho pamphumi. Bokosi linatsika, palibe analitsegula.

Kupitirira Lilongwe mphepo inasintha. Pofika pa Dedza nkhungu inali itaphimba phiri, kamvula kowaza, mano akugundana. Mwana wanga sanapemphe ndi pakamwa, anangotambasula dzanja. Ndinafukula pansi pa mtolo: chipewa kumutu, juzi pathupi, bulangete pa onse awiri. Masiku awiri omaliza tinayenda pansi, bokosi litatsala kusitolo ya pamsewu. Mwana akayetsemula, ife kuima. Akagona nthawi yaitali, ife kumudzutsa.

Tinafika, koma ndinaletsa nthungululu. Ndinati dikirani. Sabata lina lathunthu tinakhala ngati pamudzi pali odwala, ine ndi kaphazi m'mawa uliwonse. Kadontho kanauma, kanafota, kanatha. Thupi lozizira bwino, bere akuyamwa mwaukali. Lamulungu m'mawa ndinatuluka pabwalo ndi kululutira phiri lonse.

Anabwera, ee, anabwera! Mlongo wanga mwini mbumba, ndi ndodo yake. Mkazi wake ndi nkhuku yoyera. Mng'ono wanga wa kutsidya kwa dambo ndi ana ake aakazi atatu. Azakhali anga ogontha, akufunsa kuti wabadwa ndani. Mkulu wa mpingo, mphunzitsi ndi mkazi wake, mzamba amene anandibereketsa ine. Asuweni a ku Linthipe, fumbi mpaka m'mawondo. Ndi amayi a mkamwini wanga, amene anayenda kuchokera mbandakucha, anafika osapereka moni kwa aliyense, anangoti, "Ndipatseni."