Iwe kapena Inu mu Filimu ya Thonje

Amai Virginia Daka atasiya uphunzitsi ku Nyimba anayamba nchito yomasulila. Tsiku lina gulu la alimi a ku Ndake linawabweletsela filimu ya ku Burkina Faso yophunzitsa za mbozi za thonje. Inali m'Cifalansa, ndipo munthu wodziwa Cifalansa ndi Cinyanja comwe sanapezeke. Motelo a Bonaventure Njobvu a ku Lusaka, odziwa Cifalansa, anaika mau m'Cingelezi, kuti amaiwo acokele pamenepo.

Atangoyamba, amai Daka anaima. Mu filimumo, mlangizi polankhula ndi mlimi, mwana polankhula ndi atate ake, Cingelezi cinali ndi liu limodzi basi loti “you”. Anaimbila foni a Njobvu.

“Bambo, kodi Cifalansa cilibe iwe ndi inu?”

“Cili nawo, amai. Cingelezi ndico cawameza.”

“Conde bwelelaninso, mundilembele paliponse pali iwe kapena inu.”

A Njobvu anadandaula za nthawi, koma analemba. Zinapezeka kuti mlangizi anali kunena inu kwa mlimi, pomwe mwana anali kunena iwe kwa atate ake.

“M'Cifalansa si mwano, ndi cikondi,” anatelo a Njobvu.

Amai Daka anaganiza mozama. Pomasulila, amaiwo anamusiyila mlangizi ulemu wake. Mwanayo anamupatsa inu polankhula ndi atate ake, poti iwe akanamusandutsa wamwano amene sanali.

Filimu itaonetsedwa ku Ndake, palibe anafunsa za womasulila. Alimi anangokangana za mbozi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo amai Daka anabwelela kwao okondwa.