Mizere ya Pamphumi pa Apongozi

Ntchito yanga ndi kuyang'anitsitsa nkhope za anthu. Pa situdiyo yathu pa boma la Karonga wojambula ndi mwamuna wanga, ine ndimakhala kuseri pa kompyuta n'kumakonza zithunzizo. Ndikhoza kukuuzani amene ali ndi chipsera kuseri kwa khutu kuchokera ku Chilumba mpaka kumalire. Koma nkhope ya apongozi anga aamuna sindinkaidziwa.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinakwatiwa ku Kaporo. Pakhomo pa apongozi anga mwambo wakale ukadalipo: mkamwana sayang'ana bambo a mwamuna wake. Akatulukira uku, iwe umakhotera uko nsalu ili kumutu. Mabanja ena anausiya, koma kwathu ayi. Ndinkawadziwa mawu, chifuwa chawo cham'mawa ndi nsapato za matayala. Nthawi ina ndinagwera m'ngalande ya mpunga powathawa, ndipo azilamu anga amaisekabe nkhaniyo mpaka lero.

Chaka chimene mpingo unakonza zothokoza akuluakulu amene anautumikira nthawi yaitali, ana anagwirizana zopatsa bambo awo chithunzi chachikulu cha mufelemu. Mwamuna wanga anapita kukawajambula, koma nkhalambayo inakana kuchoka kumunda. Anawajambula pomwepo masana dzuwa lili paliwombo. Wojambula aliyense amadziwa kuti dzuwa lotere ndi mdani: limathira mthunzi m'khwinya lililonse. Mlamu wanga wamng'ono, katswiri wa zonse, anati zimenezo n'zazing'ono, foni yake ikonza. Inakonzadi. Apongozi aakazi ataona anafunsa kuti mwana wa sukulu ameneyu ndi wa ndani, ndipo bwanji wavala jekete la amuna awo. Atawaonetsa chosakonza anakananso, amvekere apa akuoneka ngati angotuluka m'chipatala ali ndi mkwiyo.

Loweruka lake ndinangoona apongozi aakaziwo atulukira pa situdiyo ndi kathumba ka mpunga. Anakhala pampando wa makasitomala, n'kunena m'Chichewa chawo chokoka kuti amva kuti zala zanga zimadziwa ntchito.

"Amayi, nanga mwambo?" ndinafunsa. "Ndikatsegula apa ndiwaona mpaka tsitsi la m'mphuno."

"Ine ndakutuma," anatero. "Akakwiya tikwiyiridwa tonse. Tsegula."

Kunena zoona mantha analipo, pakuti nkhalamba ikanati ndaichita chipongwe, pakhomo paja pakanandiwawa moyo wonse. Koma chimwemwe chinaposa mantha. Zaka zonsezi ndikuphikira munthu, kumuberekera adzukulu, lero ndimuone!

Chithunzi chitadzaza sikirini ndinaseka mokweza, manyazi onse kuiwala. Inali nkhope ya mwana wanga wachiwiri, yemweyo, mphuno ndi makutu oimirira, kungoti yakalamba. Ndinkadabwa kuti makutu amenewa anawatenga kuti, poti kwathu kulibe.

Ndinawafotokozera amayi mmene ndimagwirira. Chithunzi chenicheni sindichikhudza. Ndimayala leya ina pamwamba pake, ngati pepala loonekera, n'kumagwira ntchito pamenepo. Khwinya limaoneka lakuya chifukwa cha mthunzi umene uli mkati mwake, choncho mankhwala ake ndi kuwalitsa mthunziwo pang'ono, kulisiya khwinyalo lili pomwepo. Pamizere ikuluikulu ndimadutsa ndi burashi yotenga khungu la pafupi n'kuphimba mzerewo, kenako ndimachepetsa mphamvu ya leyayo mpaka mzere ubwerere, koma wofatsa. Foni ija inangopaka zonse phala, timabowo ta khungu n'kutheratu, ndiye munthu anasanduka chidole cha m'sitolo.

Vuto langa linali limodzi. Kasitomala wina aliyense ndimakhala nditamuona akulankhula, akuseka, ndiye ndimadziwa mizere imene ndi yake ndi imene yabwera ndi dzuwa. Apa ndinali wakhungu. Ndinawauza amayi kuti maso akhale awo, manja akhale anga.

Anakokera mpando pafupi. Poyamba ankaloza chapatali, koma posakhalitsa chala chinali pagalasi, kusiya mafuta ponseponse, ine osadandaula. Mizere iwiri yoimirira pakati pa nsidze anati si yawo imeneyo, ankangotsinzinira dzuwa, bambowa si munthu wa ndewu. Ndinaifewetsa kwambiri, kungosiya kachizindikiro. Mithunzi ya pansi pa maso ndinaiwalitsa. Timizere ta m'mbali mwa maso anandiletsa ndisanatifike n'komwe, ati ndi ta kuseka, ndipo munthuyu amaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinali nditamva kutsokomolako zaka zonse osadziwa kuti kumayamba ndi kuseka.

Tinafika pamphumi. Panali mizere itatu yopingasa, yakuya ngati ya khasu, wapamwamba wokhota kumanzere. Ndinaiphimba yonse kaye monga ndimachitira, kuti ndiibweze pang'onopang'ono. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Wawapha," anatero. "Bwezera."

Ndinawapempha kuti adekhe, ayang'ane. Ndinayamba kutsitsa mphamvu ya leya, mizere ija n'kumatuluka ngati munthu akubwera chapatali. Ndinati akafika amuna awo andiimitse. Tinadutsa theka osandiimitsa. Kenako anawomba m'manja kuti pomwepo. Koma wokhota uja anati ubwerere wonse. Amuna awowo ali mnyamata ankavina gule wa mapenenga, ndipo akafika kutsogolo kwa atsikana ankakweza nsidze imodzi. Nsidze imeneyo ndi imene inawachotsa iwo kwa makolo awo. Anakamba akuseka ngati mtsikana, ine n'kufufuta leya pamzere umenewo kuti ukhale monga unalili.

Pomaliza ndinachepetsa chithunzi kuti tichione chapatali, n'kumazimitsa ndi kuyatsa leya kuti afananize. Anali munthu yemweyo, wa zaka zomwezo, imvi zake zonse zilipo, kungoti ngati wakhala pamthunzi wa mango atamwa madzi. Amayi anangoti ndagha, ndagha, kuthokoza m'chiyankhulo chawo, maso ali pasikirini. Tsiku limenelo ndinagwira ntchito ya makasitomala ena ndikuimba.

Chithunzi chinaperekedwa kunyumba madzulo a tsiku la mwambo wa kumpingo uja, tisanadye mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Ine ndinali kukhitchini kuseri kwa khoma, khutu lili pazenera. Ndinamva pepala likung'ambika. Nkhalamba inafunsa kuti wakonza ndani. Amayi ndiwo ananena kuti ndi mkamwana, ndipo anamutuma ndi iwo.

Ine ndinayamba kuganiza za basi ya ku Dedza. Kenako kunamveka kuseka, kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti wandiona," anatero apongozi aamuna m'Chichewa, mokweza, kuti mawu adutse khoma. Pakhomo paja salankhula Chichewa ndi munthu wina aliyense. "Wandiona bwino. Nanga ine ndidzafa osamudziwa mayi wa adzukulu anga? Iwe, ukamujambule mkazi wako, ubwere nacho ndichipachike apa pambali pa changa. Koma asadzikonze yekha, angadzichotse zaka."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mbaula, nsalu kukamwa, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Lolemba m'mawa ndinavala chitenje changa chatsopano n'kukhala pampando wa makasitomala.