Masabata Awiri a Filipo

Mlongo wanga Filipo anabadwa wosakhulupirira munthu. Ali mwana, amayi akamuuza kuti moto umawotcha, ankayamba waugwira kaye. Atakula anayamba kukonza mawailesi ndi mamota, njinga zamoto zija, kwathu kuno ku Ngauma, ndipo ankakonda kunena kuti makina okha ndiwo sanama. Komabe ndi munthu wabwino, wosamwa, woseka mpaka misozi. Atakwatira Modesta, mtsikana wa kwaya wosakonda zolankhulalankhula, tonse tinati Mulungu wamukomera mtima mopitirira.

Chaka chimenecho fodya sanachite bwino, ndiye Filipo anapita kukagwira ganyu yokonza msewu ku Etatara. Anakhalako miyezi inayi, n'kubwera tsiku la chikondwerero cha ufulu, lomwe aliyense amalikumbukira. Pasanapite nthawi mlamu wanga anayamba kudana ndi fungo la usipa. Ndinamuperekeza kusikelo, Filipo akutitsatira monyada ngati tambala.

Anamwino, mayi Anastaziya, anafunsa tsiku limene msambo wake womaliza unayamba. Modesta anayankha monong'ona, iwo n'kuwerenga pakalendala.

"Mimbayi ili ndi masabata khumi ndi awiri."

Ndinaona Filipo akupinda zala pansi pa benchi. Anapinda, n'kubwerezanso, nkhope n'kugwa. Kufunsa anamwinowo ayi ndithu, anangotuluka.

Madzulo anabwera kwanga. "Achemwali, ine ndakhala pakhomo masabata khumi okha. Awiri enawo ndi a ndani?"

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Pita ukawafunse anamwino!"

"Anamwino angowerenga zimene wawauza mwini wakeyo. Ku Cuamba kuli makina oona m'mimba. Amenewo sanyengereredwa."

Ndinapsa mtima, koma ndinaopanso, chifukwa banja limatha ndi zinthu ngati zomwezi. Kwa mkazi wake Filipo anangoti akufuna akaone mwana pakanema. Modesta, wosadziwa kanthu, anasangalala mpaka kusita chitenje chatsopano, n'kumauza anzake a kwaya kuti amuna ake amamukonda zedi. Ine ndinati ndipita nawo, wina asakachite zamisala kutali.

Sabata yotsatira tinakwera mota mpaka ku Mandimba, tinaisiya kwa mnzake wa Filipo, n'kukwera shapa, minibasi ya ku Cuamba. Kuchipatala, bambo woyeza ekogarafiya, makina oona m'mimba aja, anapaka mafuta ozizira pamimba, ndipo pakanema panaoneka kanthu konga nyemba, kakuphiriphitha. Modesta anaseka, ine ndinalira. Bamboyo anayeza kutalika kwa kamwanako kuchokera kumutu mpaka kumatako.

"Masabata khumi ndi atatu. Pa msinkhu uno makinawa akaphonya, amaphonya ndi masiku ochepa chabe, osapitirira sabata. Zikugwirizana ndi za kusikelo kwanu."

Filipo anachita ngati wamenyedwa ndi mpini. "Ndiye kuti si wanga! Ine ndabwera masabata khumi ndi limodzi apitawa!"

Woyezayo anavula magalasi n'kuyamba kuseka.

"Bambo, khalani pansi. Tsiku limene mimba yalowa palibe amalidziwa bwinobwino, koma tsiku loyamba la msambo womaliza mayi amalidziwa. Ndiye timayambira pamenepo kuwerenga, mpaka masabata makumi anayi. Mwana amayamba kupangika patapita masabata ngati awiri kuchokera tsikulo. Makinawa nawonso amatchula msinkhu mwa kawerengedwe komweko. Pa khumi ndi atatu chotsanipo awiri, mutsala ndi angati?"

Filipo anapinda zala. Mwadzidzidzi anadumpha, n'kugwira dzanja la woyezayo ndi manja awiri. "Khumi ndi limodzi! Ndiye kuti sabata yomwe ndinafika! Achemwali, mwamva?"

Ndinamva, inde. Koma Modesta naye anali atamva zonse. Anapukuta mafuta pamimba, anamanga chitenje chake chija, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Mu shapa Filipo anamugulira Modesta nthochi, mazira owiritsa, fanta, koma iye zonse ankangondipatsira ine, ndipo ndinadya ndithu, osamva chisoni. Titatsika ku Mandimba, mlamu anakana kukwera mota. Anayamba wapansi msewu wa ku Ngauma, ine pambali pake, Filipo akukankha mota kumbuyo, thukuta kamukamu. Anyamata a pasiteji ankamufunsa ngati mafuta atha.

Tinadutsa msika, tinadutsa chigayo, nyumba zinayamba kuchepa. Pamtengo wa mango wina Filipo anaimika mota, n'kugwada m'fumbi momwemo anthu akuona.

"Amayi, ndinalakwa. Ndinayenera kufunsa inu."

Modesta anamuyang'ana nthawi yaitali. Kwawo kwa amayi ake ndi njira yomweyo, ndipo akanatha kungopitirira.

"Mukanandifunsa ndikanakuyankhani kunyumba, osavutika ulendo wonsewu," anatero. "Dzukani, mukundichititsa manyazi. Lizani motayo. Mwana wanuyu watopa."