Getsi lozima moni uli pakati

Nditangofika ku Mzuzu kuchokera ku Zomba, ntchito yanga yoyamba ya magetsi inali pa loji ina ku Katawa. Khonde lam'kati linali la mdima masana omwe, ndiye eni ake, mayi a ku Nkhata Bay, anafuna getsi loyaka lokha. Ndinaika sensa, kachipangizo koyatsa getsi kakamva kutentha kwa thupi loyenda. Munthu akaima chilili, sikamuonanso.

Ndinayenda khondelo ndi liwiro langa, n'kutchera kuti getsi lizizima pakatha masekondi makumi awiri. Mawa lake foni inalira.

“Achimwene, getsi lanu likuzimira alendo anga kumaso,” anatero mayiwo.

Ndinathamangirako. Ndinapotokola kabatani koti sensa izimva patali, getsi n'kuyamba kuyakira mphaka. Ndinabweza. Makwerero ndinakwera n'kutsika mwina kasanu, ndikung'ung'udza kuti anandigulitsa chinthu chakufa.

Ndili pamwambapo, kunalowa abusa okalamba. Mayi aja anawachingamira pakati pa khonde, nagwirana manja. Anafunsana za thupi, za ana, za mvula ya kumudzi, zikomo wa kumpoto uja “yewo, yewo chomene” osatha, onse ataima nji. Getsi linazima. Abusa anapitiriza kufunsa za odwala mu mdimamo, dzanja osalisiya.

Ndinayang'ana wotchi. Moniwo unatenga mphindi zitatu. Ndinapotokola kabatani ka nthawi kufika pa mphindi zinayi, manyazi atandigwira, chifukwa ine m'mawa uja ndinangowadutsa mayiwo ndi makwerero paphewa, osawapatsa moni n'komwe.