Chithunzi cha Mkamwini wa Apenti

Ndinayamba kuwaona Apenti ali pamakwerero, akulemba chikwangwani cha butchala, bulashi ina ataluma kukamwa. Anali munthu wofatsa, wonunkha tinala wosungunulira penti, ndipo chuma chawo chinali mwana mmodzi wamkazi.

Mwamuna wa mwanayo anachoka, ati wapeza ntchito kutsidya kwa nyanja. Mkazi anadikira mpaka khanda lawo linayamba kuyenda. Kenaka kunabwera chithunzi pafoni: mkamwini ali ndi jekete, kumbuyo kwake sitolo ya zilembo zofiira za Chitchaina. Tonse tinaomba m'manja.

Apenti anakuza chithunzicho ndi zala zothimbirira, nkhope n'kugwa.

“Mwanawe, chikwangwani chachikulu chimangonena kwawo kwa mwini sitolo. Chilankhulo cha anthu odutsa chimakhala pa timapepala. Tawerenga aka ka pamtengo wa magetsi.”

Mwana wawo wamkaziyo anawerenga: “Nyumba ya lendi ilipo, madzi ali pompo.”

“Ha! Kutsidya kwa nyanja ayamba liti kufuna alendi m'chilankhulo chathu? Galu ameneyu!” anakalipa Apenti.

Anampezadi kuseri kwa msika waukulu, akukhala ndi mkazi wina. Mpaka lero mtima umandiwira. Munthu kusiya mwana wa eni ake akuuma ndi kudikira, iwe uli pamtunda wa basi imodzi!

Apenti atakalamba, maso atachita khungu, mkamwini uja anabwera kudzagwada, ati ankachokera kutali.

“Kutali kwake kuja kwa madzi ali pompo?” anafunsa Apenti, natembenuzira mpando kukhoma.